Kudyetsa Mwana Wolumala Kuchokera ku Ubongo: Yambani Mwamkhazika Bwino

Alipo ana ena amene amafika miyezi 6 khosi lisanalimbe, nakwanitsa chaka chathunthu asanayambe kukhala pansi okha. Mayi akati awasambitse, thupi lawo limauma gwa ngati thabwa, pamene ena limangolobodoka ngati nsalu yonyowa. Kuchipatala vuto limeneli amalitcha selebulo pozi, ndiko kunena kulumala kwa ziwalo kochokera ku ubongo. Manja ndi miyendo ya mwanayo zidapangidwa bwinobwino, koma mbali ya ubongo imene imazilamulira idavulala iye akali m'mimba, pobadwa, kapena m'zaka zake zoyamba. Dokotala wina wa ku Mangalande, William Little, adalongosola za vutoli m'chaka cha 1861, ndipo lero tidziwa kuti pa dziko lonse limagwira ana awiri kapena atatu mwa ana 1,000 obadwa amoyo.

Kuno kwathu zoyambitsa zake n'zodziwika. Mwana akabadwa wobanika chifukwa cha kutalika kwa matenda a uchembere, akabadwa masiku asanakwane, akagwidwa ndi chikasu chachikulu m'sabata yoyamba, kapena akadwala matenda oumitsa khosi ngakhale malungo okomola aja ofika ku ubongo, angathe kutsala ndi chilema chotere. Si ufiti, sichipatsirana, ndipo si chilango cha kulakwa kwa mayi kapena bambo. Bala la mu ubongolo silipola, koma silikulanso. Zimene zimakula ndizo zotsatira zake: kuwonda, kupindika kwa mfundo za mafupa, ndi matenda a m'chifuwa, amene ali oyamba pa matenda otenga miyoyo ya ana olumala kwambiri.

Kwa banja lokhala kwa Nazombe m'boma la Phalombe, a mafizo sali pakhomo. Kuchoka ku Chiringa kukafika ku Holy Family kapena ku chipatala chachikulu cha boma ku Migowi ndi ulendo wofuna ndalama, ndipo Gulupu ndi Kachere ku Blantyre ndi kutali koposa. Wa mafizo akamuona mwana kamodzi pa mwezi, masiku ena onsewo ali m'manja mwa mayi, agogo ndi achemwali ake. Tsono m'nkhani ino tifuna kutsata chinthu chimodzi chimene manja amenewa angathe kuchita popanda kugula kanthu, ndicho kakhazikidwe ka thupi la mwana. Kudya bwino, kugona bwino ndi mafizo omwe, zonse zimayambira pamenepo.

Njira ziwiri za pakhosi

Pakhosi pa munthu pali njira ziwiri zogundizana. Yakutsogolo ndi ya mpweya, yopita ku mapapo. Yakumbuyo ndi ya chakudya, yopita m'mimba. Pomeza, kholingo limakwera m'mwamba ndi kutseka njira ya mpweya kwa kamphindi, chakudya n'kudutsa. Ikani chala pakholingo lanu ndi kumeza malovu, mudzalimva likukwera. Tsopano yang'anani kudenga, khosi litapindikira kumbuyo, muyesenso kumeza. Mudzaona kuti n'kovuta, chifukwa mutu ukagadama njira ya mpweya imatseguka ndipo kholingo limalephera kukwera bwino.

Umu ndimo ana ambiri olumala amadyera tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze mwana wamwamuna wa zaka 3, wa thupi louma, wolemera makilogalamu 9 okha pamene anzake a msinkhu wake ali pa 14 kapena kuyandikira pamenepo. Mayi ake amamgoneka chagada pamiyendo, mutu uli lende kuseri kwa mkono, namthira phala lamadzimadzi m'kamwa ndi supuni yaikulu. Amatero chifukwa akamkhazika tsonga phala limabwerera kunja, ndipo mwa njira yogonekayi mbale imatha. Mwanayo amatsokomola, maso n'kudzaza misozi, ndipo akatha kudya kupuma kwake kumamveka phokoso la madzi pakhosi. Chaka chino wagonekedwa kale kawiri ndi chibayo. Mayiyu sitingamnene kuti ndi wosasamala, pakuti amatha ola lathunthu pa chakudya chilichonse. Koma gawo lina la phala limene akuyesa kuti lapita m'mimba likutsikira ku mapapo, ndipo chibayocho chikuchokera pamenepo.

Choopsa china n'chakuti ana ena satsokomola konse ngakhale chakudya chasochera. Pa iwo chizindikiro ndicho mawu onyowa akatha kumeza, kupuma mofulumira pakudya, kusintha kwa mtundu wa milomo, ndi chifuwa chobwerezabwereza chosadziwika kumene chikuchokera.

Pano tiyenera kunena mosabisa za chizolowezi chija chotsina mwana mphuno kuti atsegule pakamwa, kapena kumthira phala ndi chikhato iye akulira. Mwana wolira amakoka mpweya mwamphamvu, ndipo amakokera limodzi ndi phalalo. Kwa mwana aliyense n'koipa, koma kwa mwana wa vuto ili kungathe kupha.

Kumkhazika asanadye

Mayi wa mwana tamuyerekeza uja ayambe ndi kudzikhazika bwino iye mwini, msana utatsamira khoma, pakuti wodyetsa wotopa amafulumiza supuni. Kenaka amkhazike mwanayo chopingasa pantchafu pake, matako atalowa bwino pakati pa miyendo ya mayi. Chinsinsi chagona m'chiuno. Mwana wa thupi louma akawongoka m'chiuno, msana wonse umapindikira kumbuyo ngati uta, mutu n'kugadama. Koma chiuno ndi mawondo zikapindidwa monga mmene munthu amakhalira pampando, kuumako kumachepa kokha. Chifukwa chake pindani chiuno poyamba, ndipo ngati ayesa kudziwongola, mwendo umodzi wa mayi ukhale pansi pa mawondo ake utakwezeka pang'ono.

Mapewa ndi manja zibwere kutsogolo. Mkono wa mayi udutse kumbuyo kwa khosi ndi mapewa, kuti mutu uime pakati, osapendekera kumbali, chibwano chitatsika pang'ono ngati munthu woyang'ana mbale yake. Ambiri amalakwitsa pano: mutu ukathawira kumbuyo amaukankha ndi chikhato kunkhongo. Mwanayo amangokankhanso mwamphamvu, osati mwa mwano, koma chifukwa thupi lake limayankha lokha motero likagundidwa kunkhongo. Mmalo mwake pindaninso chiuno, kokerani mapewa kutsogolo, ndi kuika dzanja lanu pachifuwa pake modekha; mutu udzatsata. Mapazi asalendewere, aponde pansi kapena pa njerwa.

Mwana wa thupi lolobodoka vuto lake ndi lina. Iye sauma koma amagwera kutsogolo kapena kumbali, motero afunika kumchirikiza m'nthiti ndi kumtsamiritsa pang'ono chabe, mutu uli chilili. Zolinga n'zomwezo: thupi lowongoka, mutu pakati, khosi losagadama.

Mwana akamakula amalemera pamiyendo, ndipo mpando wake umafunika. Mpando wabwino ndi wa ngodya, wokhala ndi matabwa awiri okumana kumbuyo ngati ngodya ya nyumba, kuti mapewa azikankhidwira kutsogolo, ndi kachipika kokutidwa ndi nsalu pakati pa ntchafu koletsa miyendo kupingasana ndi thupi kutsetsereka. Mmisiri wa matabwa wa pa Chiringa angathe kuupanga atapatsidwa miyeso ya mwanayo: kutalika kwa ntchafu, kwa msana kufika pamapewa kapena pamutu, ndi kwa mwendo kuchokera pabondo kufika pachidendene. Ilipo ndi njira ina imene Bevill Packer adaiyambitsa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, yomata makatoni ndi mapepala akale pogwiritsa phala la ufa, zikauma n'kulimba ngati thabwa. Mpando wotere umangoopa madzi ndi chiswe. Mpando usanapezeke, ngodya ya nyumba yeniyeniyo ndi mabulangete opindidwa zimagwira ntchito. Chofunika kukumbukira n'chakuti mwana akukula. Mpando umene udamkwana chaka chatha ungathe kumpinda msana chaka chino.

Kulimba kwa phala

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana wovutika kumeza ayenera kupatsidwa zamadzimadzi. Kawirikawiri zoona zake n'zosiyana ndi zimenezo. Madzi, tiyi ndi phala lopyapyala zimathamanga m'kamwa ndi kufika pakhosi kholingo lisanatseke. Phala lolimbirako limayenda pang'onopang'ono ndi kugwirana pamodzi, motero lilime lochedwa limapeza mpata woliwongolera. Muyeso wake ndi uwu: tapani phala ndi supuni, ndi kuipendeketsa. Likachucha ngati madzi, lapyapyala. Likakanirira pa supuni osagwa, lalimbitsa ndipo lidzamatirira kukhosi. Loyenera ndi limene limaima pa supuni, koma mukapendeketsa limagwa lonse pamodzi kuti phwa.

Zoopsa koposa ndi zakudya zosakaniza zolimba ndi zamadzi, monga mpunga woyandama mu msuzi, kapena mbamu ya nsima yoviikidwa mu msuzi wa nandolo wokhala ndi makoko. Msuzi umatsogola kukhosi pamene lilime likulimbana ndi cholimbacho. Nsima ipotedwe pamodzi ndi ndiwo kufikira zonse zikhale zosalala ndi zofanana, nandolo ndi nyemba zichotsedwe makoko, masamba asinjidwe. Mtedza wokazinga, chimanga chootcha, mbatata youma yofumbutuka ndi nsomba za minga zisafike m'kamwa mwake. Pa zakumwa, ngati madzi amamtsamwitsa, angathe kumwa thobwa losefedwa bwino lolimbirako, kapena madzi a zipatso osakaniza ndi nthochi yokanya. Madzi asamanidwe ndithu, chifukwa ana ameneŵa amavutika ndi kuuma kwa chimbudzi. Koma ana amasiyana, ndipo ulendo wotsatira wa kuchipatala ndi bwino kutenga phala ndi kapu, kuti wa mafizo aone ndi maso ake mmene mwanayo amamezera.

Tsono phala lolimba lili ndi ubwino wachiwiri: mu supuni imodzi muli chakudya chochuluka. Mwana wathu wa makilogalamu 9 uja amatopa msanga, kotero supuni iliyonse iyenera kunyamula mphamvu. M'kapu imodzi ya phala la mgaiwa kapena Likuni Phala muthiridwe supuni yaikulu imodzi ya nsinjiro zosefedwa ndi supuni yaing'ono imodzi ya mafuta ophikira. Tsiku lina muswere dzira phalalo likali pamoto kuti lipse bwino, tsiku lina ufa wa matemba kapena usipa wosinjidwa ndi kusefedwa, ndipo nyengo ya mapeyala peyala lokanya ndi chakudya chabwino zedi, chofewa ndi chamafuta.

Kagwiridwe ka supuni

Supuni ikhale yaing'ono, yosazama, ya pulasitiki yolimba. Yachitsulo imapweteka mano ndi nkhama mwana akailuma, ndipo yopyapyala ija yotaya ingathe kuthyokera m'kamwa. Tapani theka la supuni. Ibwere kuchokera kutsogolo, molunjika pakamwa kapena chakumunsi pang'ono, chifukwa ikachokera kumwamba mwana adzaitsata ndi maso, mutu n'kugadamanso. Muuzeni kuti chakudya chikubwera, ndi kudikira atsegule yekha. Ikani supuni pakati pa lilime ndi kutsindika pansi pang'ono. Kutero kumaletsa lilime kukankhira phala kunja. Itulutseni molunjika, milomo ndiyo ichotse phala, osalipalira ku mano akumwamba.

Kenaka dikirani. Yang'anani kholingo likwere, ndipo musanapereke ina onani ngati m'kamwa mwatha. Ana ena amafuna kumeza kawiri kapena katatu pa supuni imodzi. Akaluma supuni mwamphamvu musaikoke, pakuti nsagwada zimangolimbirapo. Khalani chete, zidzamasuka zokha.

Ngati pakamwa pamangokhala yasa, nsagwada zithandizidwe ndi dzanja la mkono umene wazungulira khosi uja. Chala cha mkombaphala chikhale pachibwano kunsi kwa mlomo, chala chapakati chigone kunsi kwa chibwano, chala chachikulu chitsamire m'mbali mwa nsagwada. Zala izi sizitsegula kapena kutseka pakamwa mokakamiza, zimangolimbitsa nsagwada kuti milomo ndi lilime zigwire ntchito. Samalani kuti chala chakunsicho chisatsindike pakholingo. Pomwetsa, tengani kapu ya pulasitiki yofewa ndi kudula mbali imodzi ya mkombero wake ngati mwezi wokhala kumene. Mwana amwere mbali yosadulayo. Podulapo pamapereka malo a mphuno, kotero kapu imapendekeka mutu osagadama. Apatsidwe kamodzi kakang'ono, ameze, apume.

Chakudya chisapitirire mphindi 30. Kupyola pamenepo minofu yapakhosi yatopa, ndipo kutsamwa kumachuluka. Mmalo mwa kulimbana ndi mbale yaikulu katatu pa tsiku, mwanayu adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Akatha, mayi aone ngati m'masaya kapena kumwamba kwa m'kamwa mwatsala chakudya, atsuke mano ndi mswachi wofewa kapena kansalu koyera, ndi kumsiya ali tsonga kwa mphindi zina 30. Ambiri mwa anawa chakudya chimabwerera kuchokera m'mimba akagona msanga. Mwana wa tulo, kapena amene wangogwa kumene khunyu, asadyetsedwe kufikira atatsitsimuka kotheratu. Khunyu limagwira pafupifupi mmodzi mwa ana atatu a vuto ili, ndipo likamgwira amgoneke chammbali popanda kumuika supuni kapena chala m'kamwa.

Mayi akasintha zonsezi, sabata yoyamba idzaoneka ngati zinthu zaipiraipira. Phala lambiri lidzatayika pachifuwa, ndipo agogo angathe kunena kuti, “Mwanawe, mdzukulu wangayu umupha ndi njala, mgoneke monga kale.” Mboni zoona ndi ziwiri: kutsokomola pakudya kukuchepa kapena ayi, ndipo mzere wa m'buku la kusikelo ukukwera kapena ayi. Mwana wotere apitebe kusikelo mwezi ndi mwezi. Lamba woyezera mkono akalowa pofiira, kunsi kwa masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo afunika chithandizo cha kuchipatala. Akapatsidwa chiponde, mayi anene kuti mwanayu amavutika kumeza, chifukwa chiponde n'chomata, ndipo afunse kaperekedwe koyenera. Alipo ana ena amene ngakhale zonse zitachitidwa bwino satha kumeza mosaopsa. Amenewo madokotala angathe kuwaganizira zodyera m'chubu, ndipo kutero si kulephera kwa mayi.

Akatsamwa, ndi pamene chibayo chayamba

Mwana akatsamwa koma akutsokomola mwamphamvu, muweramitseni kutsogolo ndi kumleka atsokomole. Musampatse madzi oti atsitsire, ndipo musapise chala kukhosi kufufuza chimene simukuchiona. Akasiya kutulutsa mawu, milomo n'kuyamba kuda, mgonekeni chafufumimba pantchafu panu mutu uli chakumunsi, ndi kummenya ndi chikhato kasanu pakati pa mapewa. Chikapanda kutuluka, khanda losakwana chaka litembenuzidwe chagada ndi kutsindikidwa kasanu ndi zala ziwiri pakati pa chifuwa. Wopitirira chaka agwiridwe kuchokera kumbuyo ndi kufinyidwa kasanu ndi nkhonya pamwamba pa mchombo, mokokera mkati ndi m'mwamba. Bwerezani mosinthanasinthana pamene wina akufuna njinga, ndipo ngakhale chitatuluka akaonedwe kuchipatala.

Chibayo chimazindikirika powerenga kupuma kwa mphindi imodzi yathunthu mwana ali phee. Wa miyezi 2 kufika 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi kufika zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, kapena ngati kunsi kwa nthiti kukulowa mkati pokoka mpweya, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Maola ena onse a tsiku

Nyengo ya dzinja, anthu onse ali kumunda, n'chapafupi kuti mwana wosayenda atsale chagada pamkeka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Kugona chagada nthawi yaitali ndiko kumakulitsa kuuma kwa msana, kumapotoza chifuwa, ndi kugwetsera miyendo mbali imodzi. Thupi limakula motsata mmene limakhalira maola ambiri, monga mtengo wanthete umene mphepo imaukankhira mbali imodzi. Choncho kakhalidwe kake kasinthidwe asanathe maola awiri: agone chammbali, akhale pampando, aberekedwe, agone chammbali inayo.

Kugona chammbali ndiko kwabwino kwa mwana wouma. Bulangete lokulungidwa likhale kumsana kuti asagudubukire chagada, mutu utsamire kansalu kopinda, manja onse abwere kutsogolo kumene iye angawaone, mwendo wapamwamba upindidwe ndi kutsamiritsidwa pa mtsamiro. Atagona motero malovu amatuluka kunja mmalo motsikira kukhosi, ndipo manja awiri amakumana. Kugona chafufumimba, nsalu yokulunga ili kunsi kwa chifuwa ndi m'khwapa, zigongono zili pansi, kumalimbitsa khosi ndi kuwongola chiuno. Kumeneku n'kwa mwana amene ali maso, wamkulu ali pomwepo, ndipo osati atangodya. Ayambe ndi mphindi zowerengeka.

Mwambo wathu wobereka mwana kumbuyo ndi chitenje uli ndi phindu lalikulu pano, malinga miyendo itatanyula m'chiuno mwa mayi ndipo chitenje chafika pochirikiza mutu. Minofu ya mkati mwa ntchafu ikauma imakokera miyendo pamodzi ngati sizasi, ndipo m'kupita kwa zaka fupa la ntchafu lingathe kuguluka m'chiuno. Mukaona kuti miyendo ikukanika kutanyula posintha thewera, kuti mwana akulira pochita zimenezo, kapena mwendo umodzi waoneka waufupi, akajambulidwe chiuno. Ana osayenda ndiwo ali pa ngozi yaikulu ya vutoli. Ndiponso mwana wokonda kukhala matako ali pakati pa zidendene, mapazi atayang'ana kunja, aphunzitsidwe kukhala pa kampando kapena mopinda miyendo kutsogolo. Posambitsa yang'anani khungu la m'chiuno, la pamatako ndi la pazidendene. Malo ofiira kapena akuda osabwerera msanga ndiko kuyamba kwa chilonda.

Kuima nako n'kofunika ngakhale kwa mwana amene mwina sadzayenda. Kuyambira chaka chimodzi kapena kupitirirapo pang'ono, aimitsidwe atatsamira benchi kapena pakati pa mawondo a bambo ake, zidendene zitaponda pansi, miyendo itatalikirana pang'ono. Kulemera kwa thupi kumalimbitsa mafupa ndi kuthandiza m'mimba kuyenda.

Mafizo a tsiku ndi tsiku

Makolo ambiri akamva za mafizo amaganiza za kukoka ndi kuwongola miyendo. Kuwongolako kuli ndi malo ake, koma lero akatswiri aona kuti kukoka kwa mphindi zochepa pakokha sikuletsa kwenikweni mfundo kupindika. Zimene zimapindula koposa ndi kakhalidwe kabwino ka maola ambiri kamene tafotokoza, ndi zochita zimene mwana akuyesa yekha mobwerezabwereza pofuna chinthu chimene wachikonda. Ubongo umaphunzira pochita, makamaka m'zaka zoyamba, ndipo suphunzira zambiri pamene dzanja likungoyendetsedwa ndi munthu wina.

Kuyendetsa mfundo kuchitike atangosamba madzi ofunda, thupi lili lofewa. Pa phazi, pindani bondo poyamba, gwirani chidendene m'chikhato chanu, ndi kukankha phazi lonse m'mwamba pang'onopang'ono ndi mkono wanu. Musakankhe zala zokha. Mukamva kuti lakana, imani pomwepo kwa masekondi 20 kapena 30, ndi kubwereza katatu. Pa dzanja lofumbata, musakanule zala. Yambani mwawongola phewa ndi chigongono, tulutsani chala chachikulu m'chikhato, zinazo zidzamasuka. Kukoka mwadzidzidzi kumaumitsa minofu koposa, ndipo mafupa a mwana wosayenda ndi osalimba, amathyoka msanga. Nkhope ya mwana ndiyo ikuuzeni malire. Akalira ndi ululu mwapyola, ndipo pakatupa kapena kutentha lekani mpaka aonedwe. Mwana wolobodoka safuna kukokedwa konse, chifukwa mfundo zake n'zomasuka kale.

Tsono pa zoyesa yekha, sankhani chinthu chimodzi chimene ali pafupi kuchitha. Mwana wathu uja sakweza mutu nthawi yaitali, choncho ntchito yake ndi ya mutu ndi kugudubuka. Achemwali ake agone pamkeka moyang'anana naye, iye ali chafufumimba, namuimbira kapena kugwedeza botolo lotsekedwa bwino lokhala ndi timiyala, kuti adzutse mutu kufuna kuona. Pogudubuka, pindani mwendo umodzi ndi kutembenuza chiuno pang'ono, kenaka dikirani kuti mapewa ndi mutu azibweretse yekha. Kudikirako ndiko kovuta, pakuti mtima wa kholo umafuna kumtsirizira. Mwana wa vuto ili amachedwa kuyankha, ndipo kuwerenga chamumtima mpaka 10 musanamthandize kumampatsa mpata woyesa. Akayamba kulimba khosi, akhale chotanyula pantchafu panu mutamgwira m'chiuno, ndi kumpendeketsa pang'ono uku ndi uku kuti aphunzire kudzibweza pakati. Dzanja lanu lizitsika m'kupita kwa masabata, kuchoka m'mapewa kufika m'nthiti, kenaka m'chiuno.

Mphindi 10 zochitika katatu kapena kanayi pa tsiku, polowa m'kusamba, kuvala ndi kusewera, zimaposa ola limodzi la misozi. Ngakhale pa mbale pali mafizo: dzanja lake ligwire supuni pamodzi ndi lanu, chogwirira chitakulungidwa nsalu kapena mphira kuti chinenepe. Ndipo muzimlankhula ndi kumfunsa, chifukwa ana ambiri olephera kutulutsa mawu amamva zonse. Muonetseni kapu ndi mbale, ndi kuona kumene maso ake apita.

Ntchito iyi ndi yolemera pa munthu mmodzi, ndipo mayi akadwala kapena akapita ku maliro mwana sayenera kugona ndi njala chifukwa palibe wina wodziwa kumdyetsa. M'banja mukhale anthu awiri kapena atatu, bambo ali m'gulu lomwelo, amene aphunzira kakhazikidwe ndi kagwiridwe ka supuni, ndipo amayi a Mvano pokacheza pakhomo lotere angathe kuphunzirako. Ponyamula mwana wolemera pindani mawondo, osati msana, ndipo mumtembenuzire chammbali ndi kumpinda m'chiuno musanamnyamule. Za mipando, njinga za olumala ndi zochirikiza mapazi, yambani mwafunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena pa chipatala chaching'ono, kuti akulembereni kalata yopita kwa a mafizo pa chipatala cha boma. Iwo ndiwo angakutumizeni ku Gulupu kapena ku Kachere, malo amene adatsegulidwa ndi bungwe la MAP limene lidayamba m'chaka cha 1979 polimbana ndi poliyo. Popita tengani buku la kuchipatala la mwanayo, mankhwala ake a khunyu ngati amamwa, supuni ndi kapu zimene amagwiritsa kunyumba, ndi phala lokwanira ulendo wonse.